Kuseka pamaliro ku Mayani: mbiri ya mwambo ndi zimene zimachitika m'thupi

Kuseka pamaliro kuli mitundu iwiri ikuluikulu. Pali kuseka kololedwa, kumene mwambo unakupereka kwa anthu ena ake monga adzukulu ndi asuweni, ndipo pali kuseka kongotulukira, kumene kumagwira munthu asakufuna, nthawi zambiri pamene mtima wake wadzaza mantha kapena chisoni. M'midzi yozungulira Mayani, m'boma la Dedza, mitundu iwiriyi imaoneka pa siwa imodzimodzi, koma anthu amailandira mosiyana kwambiri. Mdzukulu akaseka ali m'dzenje la manda, palibe amene amatembenuka. Mkamwini akaseka phwete pamene bokosi likutsitsidwa, nkhani yake imakambidwa mpaka chaka chamawa. Mbiri ya kusiyana kumeneku ikusonyeza kuti makolo ankadziwa kuti imfa imabweretsa kuseka pamodzi ndi kulira, ndipo m'malo mokuletseratu anakupezera eni ake, nthawi yake ndi malire ake.

Dera la Mayani ndi anthu ake

Mayani ndi malo amalonda a m'dera la Mfumu Yaikulu Tambala, kumpoto kwa tawuni ya Dedza, m'dziko lamapiri lozizira. Achewa akhala m'mapiri amenewa kwa zaka mazana ambiri, ndipo zojambula za pamiyala ya ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zina mwa izo ndi zithunzi za zilombo za gule wamkulu. M'zaka za m'ma 1800 kunafika mitundu ina iwiri. Angoni a Maseko anakhazikika cha ku phiri la Domwe, ndipo Ayao anakwera kuchokera kunyanja. Ufumu wa Tambala ndi wa Chiyao. Pambuyo pawo kunabwera amishoni. A mpingo wa Dachi anatsegula Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896, ndipo ansembe a Chikatolika anatsegula Mua mu 1902.

N'chifukwa chake mudzi umodzi wa ku Mayani ukhoza kuona maliro a mitundu itatu m'mwezi umodzi: maliro a gule, maliro a mpingo ndi maliro a Chisilamu. Uliwonse uli ndi lamulo lake pa nkhani ya phokoso, misozi ndi nthabwala. Koma maziko akale kwambiri ndi a Chichewa, ndipo mawu akuti adzukulu amagwiritsidwa ntchito ndi onse.

Eni kuseka: adzukulu

Pa maliro a Chichewa anthu amagawika pawiri. Mbali imodzi kuli anamfedwa, eni maliro, amene ntchito yawo ndi kulira ndi kulandira opepesa. Mbali ina kuli adzukulu, amene amagwira ntchito zonse zimene mwini maliro sangazithe: kusambitsa mtembo, kuukulunga, kukumba manda, kunyamula ndi kukwirira. Kale mtembo unkakulungidwa mumphasa, lero umaikidwa m'bokosi, koma kagawidwe ka ntchito sikanasinthe. Adzukulu sakhala ana kapena abale a bere limodzi a womwalirayo. Amachokera kumabanja ena a m'mudzimo kapena kumudzi woyandikana nawo, ndipo nawonso akaferedwa, amene anathandizidwa aja amakabweza. Mwambi wakuti maliro n'kulirana umanena za ngongole imeneyi.

Dzina lakuti mdzukulu lili ndi tanthauzo lake loyamba, mwana wa mwana wako, ndipo m'menemo ndi mmene muli gwero la nthabwala. Pa Chichewa, mwana amaopa bambo ake ndi amalume ake, mkamwini amapatukira apongozi ake panjira, koma mdzukulu ndi agogo ake amasereulana. Agogo aamuna amatcha kamtsikana ka zaka zisanu kuti mkazi wanga, kamtsikanako n'kuwayankha kuti sindifuna mwamuna wopanda mano. Asuweni nawo ali ndi ufulu womwewo: msuweni akhoza kukutengera nkhuku, kukunyoza pagulu, iwe n'kungoseka. Choncho m'banja la Chichewa muli anthu owaopa ndi anthu oseka nawo, ndipo imfa ikalowa, ntchito yokhudza mtembo imapita kwa gulu limene dzina lake ndi la anthu oseka nawo.

Nzeru yake ndi yoonekeratu kwa aliyense amene anakumbapo manda. Ntchitoyi ndi yolemetsa thupi ndi mtima womwe. Amuna amalawirira mbandakucha, amayesa kutalika kwa mtembo ndi bango, nakumba mosinthana ndi makasu, mapiki ndi mafosholo, nthawi zina pa nthaka yamiyala. Munthu amene mtima wake wasweka sangaime m'dzenje limene mugone amayi ake n'kumawongola m'mbali mwake. Pamafunika munthu amene maliro amukhudza koma sanamuthyole. Munthu wotereyu amatha kugwira ntchito akucheza, ndipo macheza a kumanda amadziwika kuti salemekeza kanthu. Adzukulu amadandaula mokweza kuti nsima yachedwa, amanena kuti womwalirayo anali waumbombo n'chifukwa chake nthaka yauma, amaopseza kuti asiya dzenje lili theka ngati nkhuku yawo sibwera. Zonsezi wina akanazinena akanaitanidwa kubwalo la mfumu, koma mdzukulu salipitsidwa.

Kumudzi nako, adzukulu aakazi ndi asuweni amachita zawo, makamaka pa maliro a munthu wokalamba. M'midzi ina mmodzi wa iwo amatenga chipewa kapena ndodo ya womwalirayo, nayenda monga ankayendera, nalankhula mawu amene ankakonda. Anamfedwa amayamba ndi kubisa nkhope m'chitenje, kenako amaseka misozi ili m'maso. Kuseka kumeneku sikuwerengedwa mlandu, chifukwa wakuyambitsa ndi munthu amene ali ndi ufulu wokuyambitsa.

Malire ake ndi okhwima. Nthabwala zimachuluka pa maliro a nkhalamba imene yadya zaka zake, zimachepa pa maliro a munthu wa msinkhu wapakati, ndipo pa maliro a mwana, a mayi womwalira ndi pakati, kapena a munthu wofa pangozi sizimveka konse pagulu. Zili ndi nthawi yakenso: usiku pa moto, kumanda pokumba, ndi pambuyo poika. Pamene mtembo ukutuluka m'nyumba ndi pamene ukutsitsidwa m'manda, ngakhale mdzukulu wa pakamwa pakuthwa amakhala chete.

Gule wamkulu pa maliro

Njira yachiwiri imene Achewa anapatsira kuseka malo ndi gule wamkulu. Pa maliro a munthu wolowa gule kapena a mfumu, ndiponso pa mwambo wokumbukira womwalirayo umene umadzachitika pambuyo pake, zilombo zimatuluka kudambwe kudzaperekeza mzimu wa malemuyo kwa makolo. Zina ndi zolemekezeka ndi zoopsa, monga Kasiyamaliro, chimene dzina lake lomwe limanena za ntchito yake. Zina zimabwera ndi chipongwe. Simoni, wa nkhope yofiira, amatsanzira mzungu wopsa ndi dzuwa, ndipo Maliya anabadwa pa nthawi imene gule ankalimbana ndi amishoni. Nyimbo zimene amuna ndi akazi amayankhizana pabwalo zimatchula zinthu zimene tsiku wamba sizitchulidwa pamaso pa apongozi.

Pabwalo la gule mantha ndi kuseka zimayendera limodzi. Chilombo chikathamangira kumene kuli amayi, iwo amabalalika akukuwa, ndipo chikabwerera amasonkhananso akuseka, ena atagwira pamtima. Kuseka kwa pamenepo si kwa nthabwala ayi. Ndi kwa munthu amene wachita mantha kenako waona kuti wapulumuka. Gule amabwereza zimenezi kambirimbiri tsiku limodzi, pa nthawi imene mudzi wonse wagwidwa ndi mantha a imfa. UNESCO inalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2005, ndipo ku Mua, m'boma lomweli, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 amasunga zithunzi ndi mbiri ya zilombo zambirimbiri.

Mitundu yoyandikana

Mwambo wopatsa mlendo ufulu woseka pa maliro si wa Achewa okha. Kwa Ashona a ku Zimbabwe munthu wotere amatchedwa sahwira, ndipo ku Tanzania ubale wotere umatchedwa utani. Ku Zambia, Abemba ndi anthu a kum'mawa, Angoni ndi Achewa, ali pa chimbuya: pa maliro a ena, anzawowo amabwera kudzaphika, kudzanyoza, kudzapaka anamfedwa ufa kumaso ndi kutolera ndalama zothandizira. Abemba ndi Angoni anali adani a nkhondo m'zaka za m'ma 1800, ndipo J. Clyde Mitchell, polemba za anthu a m'matauni a migodi mu 1956, anaonetsa kuti anthu amene anali kutali ndi kwawo anasandutsa udani wakalewo kukhala ubale wachipongwe, kuti apeze owaika m'manda kuchilendo.

Akatswiri a chikhalidwe cha anthu anayamba kulemba za ubale wotere nthawi ya atsamunda. A. R. Radcliffe-Brown mu 1940 anafotokoza kuti ndi chipongwe chololedwa, chimene chimapezeka pakati pa anthu amene ali pafupi koma sali amodzi, monga alamu ndi asuweni, pofuna kuti mkangano umene ukanabuka uthere m'kuseka. Wansembe Bronislaw Stefaniszyn mu 1950 analemba za ubwenzi wa pamaliro pakati pa Aambo a ku Zambia. Ku Malawi, miyambo ya maliro inalembedwa m'Chichewa chenicheni ndi Archibald Makumbi m'buku lake la Maliro ndi Miyambo ya Achewa.

Mipingo, Chisilamu ndi kusintha kwa siwa

Kubwera kwa mipingo kunasintha mamvekedwe a siwa. Amishoni a ku Nkhoma ndi a Chikatolika omwe ankaletsa Akhristu awo kulowa gule, ndipo maliro anasanduka bwalo la mkangano: wina akamwalira, abale ake a gule ndi abale ake a mpingo ankalimbirana mtembo. Pa maliro a Mkhristu, malo a ng'oma anatengedwa ndi nyimbo za kwaya ndi za amayi a Chigwirizano, zoimbidwa usiku wonse, ndipo nthabwala zotukwana zinathamangitsidwa pabwalo. Koma adzukulu sanachotsedwe, popeza manda amafunabe okumba. Kuseka kunangosamuka: kunatsalira kumanda, kumoto wa amuna, ndi kukhitchini kumene amayi amaphika. Kunalowanso mu ulaliki, chifukwa mlaliki wodziwa ntchito yake amaseketsa khamu kamodzi kapena kawiri asanaliuze mawu olasa.

Kwa Asilamu, amene ndi ambiri m'midzi ya Ayao ya kwa Tambala, maliro amaikidwa msanga, mtembo utakulungidwa m'sanda ndi kunyamulidwa pa jeneza, ndipo kulira mofuula sikulimbikitsidwa. Nthawi ya atsamunda Asilamu a m'Malawi anatsutsana pa nkhani yomweyi ya phokoso pa maliro: ena ankaperekeza mtembo ndi sikiri ndi mbendera, ena, otchedwa a sukuti, ankati maliro ayende mwakachetechete. Zotsatira zake n'zakuti m'mipingo ndi m'mizikiti momwe, nthawi za chete pa maliro zinatalika. Ndipo chete wautali, wa anthu ambiri othinana, ndiye malo amene kuseka kongotulukira kumakonda.

Kuseka kongotulukira

Munthu amene kwamugwira amafotokoza zofanana kulikonse. Kanthu kakang'ono kamachitika: wina wayambitsa nyimbo pamwamba kwambiri, mbuzi yalira pakati pa pemphero, mkulu wa mpingo walakwitsa dzina la malemu. Tsiku lina kanthuko sikakanaseketsa. Koma pamenepo mpweya umakwera pachifuwa, mapewa amayamba kugwedezeka, ndipo poyesa kuletsa m'pamene kumakula. Nthawi zina sipakhala n'kanthu komwe. Munthu amangomva uthenga wa imfa, pakamwa n'kumwetulira pokha.

Chiyambi chake chili m'thupi. Munthu akakumana ndi choopsa kapena chisoni chachikulu, thupi limakonzekera kuthawa kapena kulimbana: mtima umathamanga, kupuma kumafupika, minofu imakungika. Koma pa siwa palibe kothawira ndipo palibe womenyana naye. Munthu amakhala pamphasa maola ambiri, asanagone, mwina asanadye, thupi lili chikungikire. Herbert Spencer mu 1860 analemba kuti kuseka ndi njira imene mphamvu yodzaza m'mitsempha imatulukira, ndipo Charles Darwin mu 1872 anaona kuti kuseka kwambiri ndi kulira kwambiri zimafanana pankhope mpaka kusokoneza woona. Zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito minofu imodzimodzi ya chifuwa, ya kukhosi ndi ya kumaso, zonse ziwiri zimadula mpweya m'zidutswa, ndipo zonse ziwiri zimatha kutulutsa misozi. N'chifukwa chake china chimatha kusanduka chinzake pakati pa mpweya umodzi.

Ubongo uli ndi njira ziwiri zoyendetsera kuseka. Ina imachokera m'kati mwenimweni, m'zigawo zimene zimayendetsa mantha ndi chimwemwe, ndipo siyembekeza chilolezo. Ina imachokera kutsogolo, kuseri kwa chipumi, ndipo ndi imene munthu amagwiritsa ntchito posekerera mlendo mwaulemu kapena podziletsa. Kutopa, kusowa tulo, njala ndi mowa zimafooketsa njira yachiwiriyi. Kudziletsa kwenikweniko kumawonjezera vuto, chifukwa munthu amene akudziuza kuti asaseke amakhala akuganizabe za chinthu choseketsacho.

Umboni wodziwika bwino wakuti kuseka kotere si chimwemwe unapezeka mwangozi. Mu 1961, pa yunivesite ya Yale ku America, Stanley Milgram anauza anthu wamba kuti azilanga munthu wina ndi magetsi akalakwa funso, mphamvu yake ikukwera mpaka mavoti 450. Magetsiwo anali abodza ndipo wolangidwayo ankangonamizira, koma olangawo sankadziwa. Ambiri anatuluka thukuta, ananjenjemera, analuma milomo. Mwa anthu 40 a m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1963, anthu 14 anaseka kapena kumwetulira mwamantha, ndipo atatu kuseka kunawagwira mosaletseka. Atafunsidwa pambuyo pake, anayesetsa kufotokoza kuti sanali kusangalala ndi kuzunzika kwa mnzawo.

Chinanso n'chakuti kuseka n'kopatsirana ndipo kumafuna anthu. Robert Provine, amene anawerenga kuseka kwa anthu m'misewu ndi m'malo ochezera, anapeza kuti munthu amaseka kuwirikiza pafupifupi 30 akakhala ndi anzake kuposa akakhala yekha, ndiponso kuti kuseka kochuluka sikutsatira nthabwala konse. Pa maliro, izi zimaoneka pamene atsikana awiri ayang'anana: mmodzi yekha akanapirira, koma diso la mnzake limamumaliza. Ku Kashasha, ku Tanganyika, mu Januwale 1962, kuseka kosakanizika ndi kulira kunagwira atsikana 95 mwa 159 a pa sukulu ina yogonera konko, mpaka sukuluyo inatsekedwa mu Malichi. Madokotala sanapeze kachilombo kapena poizoni, ndipo nkhaniyi imatengedwa ngati chitsanzo cha nkhawa imene yafalikira m'gulu.

Kuseka pa nthawi ya chisoni sikusonyezanso kuti munthu analibe chikondi. Dacher Keltner ndi George Bonanno mu 1997 anajambula anthu amene amuna kapena akazi awo anali atamwalira miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo, akukamba za malemuwo. Amene ankaseka kuseka kwenikweni, kofika m'maso, anapezeka ndi mkwiyo wochepa ndi ubale wabwino ndi anthu owazungulira. Zimene mdzukulu amachita potsanzira mayendedwe a malemu zimatsegulira anamfedwa khomo lomweli.

Chitsanzo cha maliro amodzi

Mmene zonsezi zimakumanirana zikuoneka potsatira maliro a mtundu wodziwika m'midzi ya kuderali. Mayi wokalamba wa mpingo wamwalira madzulo m'mwezi wa Julaye. Uthenga wapita kwa mfumu, mfumu yalola kuti maliro alengezedwe, ndipo anyamata aika masamba pamsewu mbali zonse ziwiri kuti wanjinga atsike ndipo wagalimoto achepetse liwiro. Amayi alowa m'nyumba ya siwa, amuna akhala panja pa moto chifukwa cha chisanu.

Pakati pa usiku kwaya yapuma. Msuweni wa malemu, mayi wachikulire, waima pakhomo atamanga mpango monga ankamangira malemuwo, nafunsa ndi mawu awo okalipa kuti, "Kodi anthu onsewa adya chiyani pakhomo panga? Ndani watsegula nkhokwe?" Nyumba yonse yaseka, ndi mwana wamkazi wa malemu yemwe, amene kenaka walira kwambiri kuposa poyamba, amayi awiri atamugwira. Uku ndi kuseka kwa mwambo. Woyambitsa ndi woyenera, nthawi ndi yoyenera, ndipo womwalirayo ndi nkhalamba.

Mawa lake masana, kumanda, bokosi lili pa zingwe ndipo khamu lili chete. Nsapato ya mmodzi wa otsitsa bokosi yavuka n'kugwera m'dzenje. Mtsikana wa zaka 16, amene analeredwa ndi malemuwo ndipo sanagone masiku awiri, watulutsa kamawu pamphuno, waphimba pakamwa, mapewa akugwedezeka. Anthu atembenuka. Pano pali njira ziwiri. Mayi wodziwa zinthu amamukoka mtsikanayo, namufunditsa chitenje kumutu monga amachitira ndi wolira, napita naye kuseri kwa mitengo akumuuza kuti, "Tiye kuno mwanawe, upume." Asanafike patali kusekako kwasanduka kulira, ndipo pakatha mphindi zochepa mtsikanayo wabwerera mwakale, ali ndi manyazi okha. Njira ina ndi yakuti wina anene mokweza kuti mwana ameneyu akudziwapo kanthu.

Kuseka ndi mlandu wa ufiti

Njira yachiwiriyi ili ndi mbiri yaitali. Pa chikhulupiriro chakale imfa sinkangobwera yokha, ndipo mfiti inkaganiziridwa kuti imakondwera ndi maliro chifukwa imayembekeza nyama. Choncho pa siwa anthu ankayang'anana nkhope: amene sanabwere, amene sanalire, amene anadya kwambiri, amene anaseka. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anapeza kuti milandu ya ufiti inkagwera kwambiri anthu apachibale cha kuchikazi amene anali kale pa mkangano. Kuseka pakokha sikunkapanga mfiti, koma kunkapereka umboni kwa amene ankaufuna kale. Munthu wokondedwa akaseka ankati watopa. Wodedwa akaseka ankati wadziulula. Kale mlandu wotere unkatha ndi mwavi.

Lamulo la boma la 1911 lokhudza ufiti linaletsa kumwetsa mwavi ndiponso kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo kunena mnzako ufiti ndi mlandu kukhoti. Komabe kunong'onezana sikunathe, ndipo amene kumawagwera kwambiri ndi okalamba, amene ndi omwewonso amagwidwa ndi matenda osokoneza kuseka ndi kulira.

Pamene kuseka kuli matenda

Pali kuseka kwachitatu kumene si mwambo ndipo si mantha. Munthu amene anachita sitiroko, amene anavulala mutu, kapena amene ubongo wake ukufooka ndi ukalamba, nthawi zina njira ija yodziletsera imawonongeka. Amaseka kapena kulira mwadzidzidzi, kwa masekondi kapena mphindi zingapo, mumtima mulibe chimwemwe kapena chisoni chofanana nazo. Palinso mtundu wosowa wa khunyu umene kugwa kwake ndi kuseka kouma, kofanana nthawi zonse, kumene kawirikawiri kumayamba munthu ali mwana. Matenda ena amisala nawonso amachititsa munthu kuseka pamene ena akulira.

Kusiyanitsa kwake sikovuta kwambiri. Kuseka kwa mantha kumabwera pa nthawi yothina yokha, mwini wake amadziwa zimene zikuchitika ndipo amachita manyazi, kumatha akachoka pagulu, ndipo mawa lake munthuyo ali bwinobwino. Kuseka kwa matenda kumabwerezabwereza masiku wamba, kumunda kapena pa chakudya, popanda chochititsa, ndipo kawirikawiri kumayenda ndi zizindikiro zina: pakamwa popotoka, dzanja kapena mwendo wofooka mbali imodzi, lilime lolemera, kutsamwa pomeza, kuiwalaiwala, kapena kuyang'ana malo amodzi osayankha. Kuseka kosaletseka kumene kwayamba mwadzidzidzi pamodzi ndi mutu waukulu, kusanza kapena kufooka kwa ziwalo n'chizindikiro chofuna chipatala tsiku lomwelo. Kwa ochita sitiroko alipo mankhwala amene amachepetsa vutoli.

Zaka zaposachedwa

Kuyambira 1985, pamene munthu woyamba wodwala Edzi anapezeka m'Malawi, mpaka mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, maliro anachuluka ndipo ambiri anali a anthu a msinkhu wapakati, amene mwambo sulola kuwaseka. Adzukulu ankakumba kangapo pa sabata, masiku okhala pa siwa anafupika, ndipo nthabwala za pagulu zinachepa pamene za kumanda zinakula ukali. Mu 2020 matenda a korona anabweretsa malamulo ochepetsa anthu pa maliro ndi oika msanga, moti mabanja ena anaika abale awo popanda usiku wa pa siwa, umene ndiwo unali malo a msuweni ndi mpango wake. Mafoni a m'manja abweretsa vuto lina: nkhope ya munthu amene kuseka kwamugwira ikhoza kujambulidwa ndi kutumizidwa kwa abale a ku Lilongwe ndi ku Joni, amene amaiona popanda kudziwa za nsapato imene inagwera m'dzenje.

M'midzi ya ku Mayani manda amakumbidwabe ndi manja, ndipo adzukulu akadali ndi ufulu wawo wa pakamwa. M'matauni, kumene manda amakumbidwa ndi antchito olipidwa ndipo mtembo umakonzedwa kumochale, ntchito ya adzukulu yachepa, ndipo pamodzi nayo pachepa anthu amene mwambo unawapatsa udindo woseketsa anamfedwa.